Kamzere si Ziro: Malangizo kwa Mphunzitsi Wongoyamba Kumene Kusunga Buku la Malikisi

Sabata yotsekera sukulu ndiyo imaulula mphunzitsi amene ankalemba m'buku lake ndi amene ankangoti adzalemba mawa. Mayeso atha, mapepala achongedwa, ndipo ahedi akufuna zotsatira za kalasi iliyonse pofika Lachitatu kuti malipoti akhale atasainidwa tsiku lotsekera lisanakwane. Amene anasamala buku lake amangokhala pansi madzulo awiri n'kumaliza. Amene ankalemba malikisi kuchikuto kwa sikimu, papepala la mayeso otsala ndi pakatoni ya choko amayamba kufwanthula thumba, ndipo pepala limodzi likasowa, chiyeso chongopeka nambala chimakula. Malangizo awa akupita kwa mphunzitsi wachinyamata amene wangotuluka kumene ku koleji ya aphunzitsi monga ya ku Kasungu, Lilongwe kapena Machinga, n'kupatsidwa kalasi yakeyake pasukulu ya pulayimale.

Kalasi imene wapatsidwayo si yaing'ono. Chiyambire mu 1994, pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, kalasi ya ana 80 kapena 100 si yachilendo m'dziko muno. Palibe mutu umene ungasunge mmene mwana aliyense mwa ana 80 akuchitira m'maphunziro asanu ndi limodzi kapena kuposerapo. Kuwonjezera apo, silabasi imene inayamba kulowa m'masukulu mu 2007 imafuna kuti mwana aziyesedwa pafupipafupi teremu ili mkati, osadikira mayeso omaliza okha. Manambala ndi ambiri, ndipo malo ake oyenera ndi amodzi: buku lija aphunzitsi amalitcha pologiresi buku.

Bukulo likonzedwe sabata yoyamba ya teremu, mayeso alionse asanachitike. Likhale la chikuto cholimba, chifukwa liyenda chaka chonse, m'fumbi la Okutobala ndi m'mvula ya Januwale, ndipo pepala la pulasitiki lolikutira si chinthu chochita nacho manyazi. Mayina alembedwe kuyambira ndi la bambo, motsata alifabeti, atsikana tsamba lawo ndi anyamata tsamba lawo, m'ndondomeko yofanana ndendende ndi ya mu rejisitala. Mwana amene ali pa nambala 17 mu rejisitala akhalenso pa 17 m'buku la malikisi. Izi zimathandiza kwambiri m'kalasi mokhala a Banda asanu ndi a Phiri asanu ndi awiri, ena mwa iwo ofanana ndi dzina loyamba lomwe. Pansi pa tsamba lililonse pasiyidwe mizere ingapo ya ana obwera pa transifa. Aphunzitsi akale ali ndi luso lodula m'mphepete mwa masamba otsatira kuti mayina a patsamba loyamba azioneka akatsegula patsogolo, motero salembanso mayina 80 kachiwiri, ndipo mpata wodumpha dzina umachepa.

Pamwamba pa danga lililonse lotsika palembedwe zinthu zitatu: tsiku la mayeso, mutu umene unayesedwa, ndi malikisi onse a mayesowo. Chachitatuchi ndi chimene ambiri amaiwala. Nambala 14 payokha sinena kanthu. Ngati mayeso anali a malikisi 20, mwanayo wachita bwino ndithu. Ngati anali a malikisi 50, wagwa. Mu Disembala palibe amene amakumbukira kuti kamayeso ka sabata yachitatu kanali ka malikisi angati.

Malikisi alowe m'buku tsiku lomwe achongedwa, mapepala asanabwerere kwa ana, ndipo alembedwe ndi bolopeni osati pensulo. Nambala yolakwika isafufutidwe kapena kupakidwa mankhwala oyera aja. Idulidwe ndi mzere umodzi woti yakaleyo izionekabe, yolondola ilembedwe pambali, ndipo mphunzitsi asaine pang'ono pomwepo. Kholo likadzabwera ndi dandaulo lakuti mwana wake anaberedwa malikisi, tsamba lotere limadziyankhira lokha, pamene tsamba lofufutafufuta limautsa mafunso ngakhale pamene panalibe chinyengo chilichonse.

Tsono pali kachizindikiro kamodzi kamene kamasenza nkhani yonse ya buku limeneli. Mwana amene analemba mayeso n'kulephera mafunso onse amapatsidwa 0. Mwana amene sanabwere tsiku la mayeso amapatsidwa kamzere. Awa ndi ana awiri osiyana, ndipo mavuto awo ndi osiyananso. Woyambayo akusowa kuphunzitsidwanso, wachiwiriyo akusowa kulondoledwa kwawo. Mphunzitsi wotopa, pofuna kuti tsamba lisakhale ndi mipata, amangodzaza maziro ponseponse. Akatero wasakaniza ana awiri aja, ndipo masamu onse a kumapeto kwa teremu aipiratu.

Chitsanzo chongoyerekeza chionetsa kukula kwa kuipako. Kalasi ya Sitandade 6A ili ndi ana 84 mu rejisitala, atsikana 44 ndi anyamata 40. Pa mayeso omaliza a teremu yachiwiri, ija imadutsa m'miyezi ya mvula ndi njala, analemba ndi ana 72. Mphunzitsi atawonkhetsa malikisi a Masamu a ana onse olemba wapeza 3,456. Avereji imapezeka pogawa malikisi onsewo ndi chiwerengero cha amene analemba: 3,456 kugawa ndi 72, yankho 48. Koma akanalemba maziro pa ana 12 ojomba aja n'kugawa ndi 84, akanapeza 41. Malikisi asanu ndi awiri athunthu asowa, pamene palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene wachita mosiyana ndi mmene anachitira. Ahedi poona 41 aganiza kuti Masamu akuphunzitsidwa mwaulesi, chonsecho vuto lenileni ndi lakuti ana 12 sanakhale pa desiki tsiku limenelo.

Pali njira yachidule yodziwira ngati avereji yasokonekera. Iyenera kugwa pakati pa malikisi otsika kwambiri ndi okwera kwambiri a m'dangamo, ndipo munthu akayendetsa chala m'manambalamo ayenera kuona kuti ambiri akuizungulira. Ngati ana ambiri ali m'ma 40 ndi m'ma 50 koma avereji yatuluka 63, kuwonkhetsa kwalakwika penapake.

Asanafike n'komwe pa avereji ya kalasi, mphunzitsi amakumana ndi funso la mwana mmodzimmodzi: mayeso ang'onoang'ono a mkati mwa teremu aphatikizidwe bwanji? Mwana wina anapeza 14 pa 20, kenako 18 pa 30, kenako 27 pa 50. Njira imodzi ndi kuwonkhetsa zonse: wapeza 59 pa 100. Njira ina ndi kusandutsa mayeso alionse kukhala peresenti, 70, 60 ndi 54, kenako n'kupeza avereji yake, imene ili 61. Njira zonse ziwiri ndi masamu olondola, koma zikunena zinthu zosiyana. Yoyamba ikupatsa mphamvu yaikulu mayeso a malikisi 50, yachiwiri ikuyesa mayeso onse atatu olemera mofanana. Kusiyana kwa malikisi awiri kungaoneke kochepa, koma m'masukulu ambiri a pulayimale magiredi amayenda chonchi: 80 mpaka 100 ndi giredi 4, 60 mpaka 79 ndi giredi 3, 40 mpaka 59 ndi giredi 2, ndipo 39 kutsika pansi ndi giredi 1, ya mwana wofunika thandizo. Mwana uja wa 59 kapena 61 giredi yake ikusintha malinga ndi njira imene mphunzitsi wasankha. N'chifukwa chake wongoyamba kumene afunse ahedi kapena mkulu wa chigawo chake njira imene sukuluyo imatsata, komanso gawo limene mayeso a mkati mwa teremu amatenga poyerekeza ndi omaliza. Yankholo alilembe patsamba loyamba la buku, ndipo aligwiritse ntchito kwa ana onse mofanana. Kusankha njira pambuyo poona imene ikukweza mwana wa mnzake ndi chiyambi cha kukondera.

Patsamba loyamba lomwelo palembedwenso malire a kukhoza. Masukulu ena amaika pa 40, motsata magiredi aja, ena amafuna theka la malikisi onse. Kalasi imodzimodzi ikhoza kuoneka yanzeru kapena yofooka malinga ndi pamene chingwecho chamangidwa, ndiye peresenti ya okhoza yosatchula malire ake ilibe phindu kwa woiwerenga.

Peresenti ya okhozayo ndi nambala imene aliyense amaifuna: ahedi, a komiti ya sukulu, makolo, ndi mlangizi wa maphunziro wa m'zoni, amene aphunzitsi amangoti a PEA. Kapezedwe kake n'kosavuta. Chiwerengero cha okhoza chigawidwe ndi chiwerengero cha olemba, yankho lichulukitsidwe ndi 100. M'kalasi ija ya 6A, maphunziro onse ataphatikizidwa, akhoza ndi ana 54 mwa 72, kutanthauza 75 peresenti. Ndi nambala yosangalatsa kuilengeza pa asembule.

Koma mphunzitsi wosamala sayima pamenepo. Ana amene anapatsidwa kuti awaphunzitse ndi 84, ndipo 54 mwa 84 ndi 64 peresenti. Manambala onse awiri ndi oona. Yoyamba ikuyankha funso lakuti mwa amene anakhala pa mayeso akhoza ndi angati. Yachiwiri ikuyankha lakuti mwa ana onse a kalasiyi, ndi angati amene afika kumapeto kwa teremu ali bwino. Fomu ya kusukulu kawirikawiri imafuna yoyambayo, ndipo ipatsidwe. Koma yachiwiri ilembedwe pambali pake, chifukwa yoyamba ili ndi chilema choopsa: imakwera pamene ana ofooka ajomba. Atati ana asanu ndi mmodzi mwa olephera aja akhale kunyumba tsiku la mayeso, olemba atsala 66, okhoza akhalabe 54, ndipo peresenti ikwera kufika pa 82. Kalasi yaoneka ngati yapita patsogolo pamene yataya ana. Mphunzitsi amene waphunzira kukondwera ndi nambala yotereyi sachedwa kuyamba kuona mwana wofooka ngati chipsinjo, ndipo ameneyu ndi matenda oipa kwambiri pa ntchito imeneyi.

Phindu lolemba atsikana ndi anyamata padera limaonekera apa. Mwa atsikana 44, analemba ndi 35 ndipo akhoza 28, imene ili 80 peresenti. Mwa anyamata 40, analemba ndi 37 ndipo akhoza 26, imene ili 70 peresenti. Woona mothamanga anena kuti atsikana awaposa anyamata, vuto lili kwa anyamata. Koma mwa ana 12 osalemba aja, asanu ndi anayi ndi atsikana. Kuwerengera ana onse a mu rejisitala, atsikana okhoza ndi 64 peresenti ndipo anyamata ndi 65. Nkhani yatembenuka. Funso lalikulu la kalasi imeneyi si lakuti anyamata akulephereranji, koma lakuti atsikana asanu ndi anayi a Sitandade 6 anali kuti sabata ya mayeso. Mwina mtsinje unadzaza, mwina anali kuganyu, mwina akulera ang'ono awo, mwina wina nkhani ya banja yamuyandikira. Buku siliyankha zimenezi, koma limapereka mayina asanu ndi anayi oti mphunzitsi apite nawo kwa ahedi ndi kwa amayi a gulu loona za atsikana pasukulupo teremu yachitatu isanayambe. Buku lodzaza maziro likanangowaika m'gulu la olephera, ndipo palibe akanawafunsa.

Pa chifukwa chomwechi, dzina la mwana amene wasiya kubwera lisadulidwe mwakachetechete. Likhale pomwepo, ndipo kumapeto kwa mzere wake kulembedwe mawu amodzi ndi tsiku: wasamuka, wadwala, wasiya. Wosamuka ndi kalata ya transifa yekha ndiye achotsedwe pa chiwerengero cha kalasi.

Msampha wina umagwira amene wapatsidwa ntchito yophatikiza makalasi awiri a sitandade imodzi. Sitandade 6A yakhoza ndi 75 peresenti. Ku 6B analemba ana 48, akhoza 24, ndiye 50 peresenti. Dzanja limathamangira kuwonkhetsa 75 ndi 50 n'kugawa pawiri, yankho 62.5. Yankho limeneli ndi lolakwika, chifukwa makalasiwo si ofanana kukula. Ayenera kubwerera kwa ana enieniwo: okhoza ndi 54 kuphatikiza 24, onse 78; olemba ndi 72 kuphatikiza 48, onse 120. Ndipo 78 mwa 120 ndi 65 peresenti. Lamulo lomweli ligwirenso pa avereji: malikisi onse a makalasi awiri awonkhetsedwe, agawidwe ndi ana onse olemba. Ndiye mphunzitsi akamapereka zotsatira kuofesi asapereke peresenti yokha, aperekenso manambala amene yachokera, kuti wophatikiza sukulu yonse akhale ndi poyambira.

Avereji nayo, ngakhale itawerengedwa bwino, imabisa zambiri. Ili ngati kuuzidwa kuti mtsinje umalekeza m'chiuno, osauzidwa pamene pali dziwe. Avereji ya 48 pa Masamu ikhoza kutanthauza kuti pafupifupi ana onse ali pakati pa 40 ndi 55, kapena kuti kagulu kochepa kali kumwamba kwenikweni pamene khamu lili pansi. Kuti adziwe, mphunzitsi awerenge ana a m'giredi iliyonse, ntchito yosatenga mphindi khumi. Mu 6A muja wapeza ana 6 pa giredi 4, ana 14 pa giredi 3, ana 28 pa giredi 2 ndi ana 24 pa giredi 1. Kutanthauza kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse olemba sanafike pa 40. Apa m'pamene mitu ija yolembedwa pamwamba pa madanga imagwira ntchito. Akabwerera m'mbuyo n'kuona kuti ana 24 amenewa ankachita bwino pa kuwonkhetsa ndi kuchotsera, koma anagwa onse pa kamayeso ka mafulakishoni ndipo sanadzukenso, wadziwa poyambira teremu yamawa ndi ana oyamba nawo. Sitandade 8 ndi mayeso a MANEB zatsala zaka ziwiri zokha, ndipo mwana amene mafulakishoni amuthawa mu Sitandade 6 sawapeza yekha m'njira.

Tsamba lisanapite kwa ahedi liyesedwe. Choyamba, okhoza ndi olephera akaphatikizidwa apereke olemba: 54 ndi 18 ndi 72. Olemba ndi osalemba apereke a mu rejisitala: 72 ndi 12 ndi 84. Chachiwiri, matotala a ana onse, otsika m'mbali mwa tsamba, akawonkhetsedwa afanane ndi matotala a maphunziro onse, opingasa pansi pa tsamba. Akasiyana, pali cholakwika, ndipo kukula kwa kusiyanako kumalozera kumene chili. Kusiyana kwa 10 kapena 100 kawirikawiri kumachokera pa kuiwala nambala yosunga powonkhetsa. Kusiyana kumene kumagawika ndi 9 popanda chotsala, monga 18, 27 kapena 36, kawirikawiri kumachokera pa kutembenuza manambala, kulemba kapena kudina 74 m'malo mwa 47. Wodziwa zimenezi sayambiranso tsamba lonse, amangofufuza nambala imene yatembenuka. Ndi bwinonso kugwira ntchitoyi awiriawiri, wina akuwerenga mokweza kuchokera pamapepala, wina akutsata m'buku, chifukwa diso limene linalakwitsa limakonda kudutsanso pomwepo osaona kanthu.

Pa manambala a ana, ija amati wakhala nambala chani, ofanana matotala apatsidwe nambala imodzi ndipo yotsatira idumphidwe: 1, 2, 2, kenako 4. Mwana amene anaphonya pepala limodzi chifukwa cha malungo, totala yake ndi yoperewera, ndipo kumuika pamzere umodzi ndi olemba mapepala onse popanda mawu alionse n'kumulakwira. Palipoti lake palembedwe poyera kuti sanalembe phunziro lakutilakuti, ndipo za nambala yake agamule ndi ahedi. Manambala a pambuyo pa kadontho afupikitsidwe kamodzi kokha, kumapeto kwa masamu onse, chifukwa kufupikitsa pa sitepe iliyonse kumakokera yankho kumbali pang'onopang'ono.

Amene ali ndi mwayi wa kompyuta kapena foni yokhala ndi Excel apeputsa ntchito yowonkhetsa, koma nkhani ya kamzere ndi ziro imamutsatira komweko. Ngati malikisi a Masamu a ana 84 ali m'danga D, kuyambira mzere 5 mpaka 88, avereji ndi peresenti ya ofika pa 40 zimapezeka chonchi:

```
=AVERAGE(D5:D88)
=COUNTIF(D5:D88,">=40")/COUNT(D5:D88)*100
```

AVERAGE ndi COUNT zimadumpha malo opanda kanthu ndi malo olembedwa mawu, koma ziro zimamuwerenga ngati malikisi enieni. Malo a mwana wojomba asiyidwe opanda kanthu kapena alembedwe mawu oti sanalembe. Akangolembapo 0, makinawo apereka 41 yemwe uja, mwachangu ndiponso mooneka ngati zoona. Buku la pepala lisatayidwe chifukwa cha foni, poti foni imabedwa, imagwera m'madzi, ndipo a PEA akafika pasukulu amafuna kutsegula masamba.

Chidule cha teremu chikwane patsamba limodzi kumapeto kwa malikisi a teremuyo: a mu rejisitala, olemba, osalemba, okhoza ndi olephera, chilichonse chogawidwa atsikana ndi anyamata; malire a kukhoza; avereji ya phunziro lililonse ndi chiwerengero cha ana a m'giredi iliyonse; ndipo pansi pake mizere itatu kapena inayi ya mawu, yotchula mitu imene yavuta ndi mayina a ana oyenera kulondoledwa. Bukuli lili ndi nkhani za ana a eni, choncho lisasiyidwe patebulo la m'kalasi kapena kupatsidwa kwa monitala kuti alembemo, ndipo pa holide likasungidwe ku ofesi ya ahedi, pamalo okwera osafika chiswe ndi madzi odontha. Chaka chikatha mu Julaye, mphunzitsi wa Sitandade 7 apatsidwe mpata wowerenga masamba atatu a chidule aja asanalembe sikimu yake ya Seputembala, ndipo wa Sitandade 6 akhale naye pansi kumufotokozera za ana amene mizere yawo ili ndi timizere tambiri kuposa manambala.